Nkhani ya mtsikana woyeza thanki ya madzi: kodi manambalawa akugwirizana?

Mlembi wa ku Chitakale

Moni nonse. Ndikulemba nkhani yaifupi yoti ana a Sitandade 6 ndi 7 aziwerenga, ndipo ndisanaimalize ndikufuna aphunzitsi a masamu ndi amisiri a mapaipi muione kaye. Dzina la mwanayo ndisankha pomaliza. Nkhaniyo ikuyenda chonchi:

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Madzi a m'mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje anali atachepa, ndipo mpopi wa pakhomo unkangotulutsa madzi pakati pa usiku. Kuseri kwa nyumba kunali thanki yakuda ya pulasitiki, itakhazikidwa pa njerwa. Tsiku lina amayi ake akutsuka mbale anafunsa, "Kodi thankiyi itadzaza, mpopi n'kuumiratu, ingatisunge masiku angati?" Bambo anangoloza pamene panalembedwa 1000 L. Koma mtsikanayo sanakhutire. Anatenga chingwe, nazunguliza pamimba pa thanki, nayika mfundo pamene chingwe chinakumanira. Atachiyala pansi n'kuyeza ndi tepi ya telala ya azakhali ake, anapeza masentimita 352. Kuchokera pansi pa thanki mpaka pa kapaipi kosefukira madzi anapeza masentimita 105. Anawerengetsa m'kope lake, napeza malita 1,035. Popeza banjalo limagwiritsa ntchito zigubu 6 za malita 20 pa tsiku, anauza amayi ake kuti madziwo awasunga masiku 8 ndi theka.

Ndalekezera pamenepo. Kodi masamuwa ali bwino? Nanga pali chimene mwana wakumudzi angawerenge n'kunena kuti izi ndi zabodza?

Aphunzitsi a masamu, Chonde

Achemwali, masamuwo pawokha ali bwino, ndawabwereza. Koma mwawabisa m'mawu awiri okha akuti "anawerengetsa m'kope", chikhalirecho ndi pamene mwana wowerenga akufuna kuona. Mulembe mmene mtsikanayo anachokera pa 352 n'kufika pa 1,035.

Chingwe chamupatsa kuzungulira kwa thanki. Kuti adziwe kupingasa kwake, kuchokera mbali ino kudutsa pakati mpaka mbali inayo, agawe 352 ndi 22/7, apeza 112. Theka lake ndi 56. Akachulukitsa 56 ndi 56, kenako ndi 22/7, apeza kukula kwa pansi pa thanki, ndipo akachulukitsa ndi msinkhu apeza malo onse a m'kati.

```
352 ÷ (22/7) = 112 cm
22/7 × 56 × 56 = 9,856 cm²
9,856 × 105 = 1,034,880 cm³
1,034,880 ÷ 1,000 ≈ 1,035 L
```

Mzere womalizawo ndi umene ana ambiri samaumvetsa. Amaloweza kuti ugawe ndi 1,000 koma sadziwa chifukwa. M'nkhanimo mtsikanayo apange kabokosi ka katoni kotalika masentimita 10 mbali zonse, ayalemo pepala la pulasitiki, athiremo madzi a mabotolo awiri a 500 ml. Kabokosiko kadzaza ndendende. Akatero waona ndi maso kuti lita imodzi ndi 10 kuchulukitsa ndi 10 kuchulukitsa ndi 10.

Chachiwiri, mtsikana wanu wapeza yankho mosavuta kwambiri. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri pochonga ndi chakuti mwana amaiwala kugawa pakati, n'kuchulukitsa 112 ndi 112. Akatero yankho limakula kanayi, limafika malita 4,140. Mumulole alakwitse chonchi, kenako adzigwire yekha: malita 4,140 ndi zigubu 207, ndipo mwana aliyense amene anasenzapo chigubu akudziwa kuti zigubu 207 sizingalowe m'thanki imene sikumupitirira msinkhu kwenikweni.

Bambo a ku Bvumbwe

Ine sindikuona vuto lenileni apa. Opanga thanki anayeza kale n'kulembapo 1000 L. Mwana angogawa 1,000 ndi 120, apeza masiku 8 ndi kotsalako pang'ono. Bambo a m'nkhaniyo sanalakwe. Zingwe ndi matepi ndi za chiyani pamene nambala ili poyera?

Mmisiri wa mapaipi, Luchenza

Bambo a ku Bvumbwe, nambalayo ndi yoona, koma ikuyankha funso lina. 1000 L ikunena madzi amene thanki ingasunge ikadzaza. Amayi a m'nkhaniyo afunsa madzi amene angatunge. Ziwirizi ndi zosiyana, ndipo apa ndi pamene nkhani ya achemwaliwa yagonera, ngakhale sanalembe.

Mpopi wa thanki sukhala pansi penipeni. Timaboola m'mwamba pang'ono, choyamba kuti cholumikizira chipeze malo osalala omangirira nati ndi labala wake, chachiwiri kuti matope okhazikika pansi asamatuluke ndi madzi akumwa. Madzi a mipopi yochokera m'mitsinje ya m'phiri amabwera ndi dothi nthawi ya mvula, ndipo a padenga amabwera ndi fumbi ndi zinyalala, ndiye pansi pa thanki sipalephera kukhala matope. Tinene kuti m'munsi mwa bowo la mpopi ndi masentimita 10 kuchokera pansi. Madzi onse a m'munsi mwa bowolo satuluka. Pa thanki ya kukula uku, amenewo ndi malita pafupifupi 95, kutanthauza zigubu pafupifupi 5 zimene banja limaziwerengera koma silingazitunge pampopi.

China ndi chingwe. Mtsikanayo wayeza kunja. Mathanki a pulasitiki amakhala ndi mizere yotukuka yozungulira yolimbitsira khoma, ndipo chingwe chikakwera pamizere imeneyi chimatalika kuposa mmene m'kati mulili. Muwonjezerepo kuchindikala kwa khoma lenilenilo. Ngati kunja ndi 112, m'kati mukhoza kukhala 110. Masentimita awiri akuoneka ochepa, koma yesani: theka ndi 55, pansi pa thanki pakhala 9,507, ndipo kuchulukitsa ndi 105 kupereka malita 998. Ndiye 1,035 uja wachulukira ndi malita 37, pafupifupi zigubu ziwiri zimene kulibe.

Tsopano werengani madzi otungika okha. Kuchokera pa mpopi mpaka pa kapaipi kosefukira ndi masentimita 95. Sentimita iliyonse ndi malita 9.5. Zonse pamodzi ndi malita pafupifupi 900, zigubu 45. Pa zigubu 6 pa tsiku, amenewo ndi masiku 7 ndi theka. Mtsikana wanu walonjeza amayi ake tsiku lathunthu limene madzi ake palibe.

Mlembi wa ku Chitakale

Amisiri, zikomo kwambiri. Ndiye kuti nkhaniyo isathere pa 1,035, ipitirire mpaka tsiku limene mpopi udzayambe kudontha mwakachetechete masana a tsiku lachisanu ndi chitatu, iye akuyembekezera kuti madzi akadalipo. Akagogoda thanki m'munsi amva kuti madzi alimo, koma sakutuluka. Chimene ndikufuna kudziwa ndi ichi: mwana wa zaka 12 angadziwe bwanji 9.5 uja popanda kulowa m'kati kukayeza?

Mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, Thyolo

Angadziwe ndi ndodo ndi chigubu, mwanawe, ndipo njira imeneyi ndi yokhulupirika kuposa ya chingwe chifukwa madziwo ndi amene akuyeza m'kati mwa thanki, osati chingwe chodutsa kunja.

Pafunika ndodo yowongoka, youma, yosendedwa bwino, yotalika kuposa thanki. Nsungwi ndi yabwino koma ikhale yotseka kumapeto, idulidwe pamfundo, apo ayi madzi amalowa m'mphako n'kudonthera pandodo poitulutsa. Ndodoyo itsukidwe, chifukwa ikulowa m'madzi akumwa. Ailowetse choimika mpaka igunde pansi, aitulutse, alembe mzere ndi pensulo pamene panyowera. Alembe msanga, chifukwa chinyezi chimakwera pamtengo wouma ndipo pakapita kanthawi mzerewo umaoneka ngati uli m'mwamba kuposa pamene madzi anafika.

Kenako athire zigubu 5 za malita 20, osati chimodzi. Apa mvetsani bwino. Chigubu chimodzi chikweza madzi ndi masentimita 2 ndi kakang'ono kokha. Mwana akaphonya ndi theka la sentimita powerenga, waphonya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo thanki yonse aiwerengera molakwika ndi malita mazana awiri kapena kuposa. Zigubu 5 zikweza madzi ndi masentimita 10.5. Theka la sentimita lomwelo tsopano ndi kanthu kochepa. Adikire madzi akhazikike, ndodo iume, ailowetsenso pamalo omwe aja, alembe mzere wachiwiri. Malita 100 kugawa ndi 10.5 apeza 9.5. Kuchokera pamenepo akhoza kulemba mizere pandodo yonse, mzere uliwonse motalikirana masentimita 10.5, mzere uliwonse ukuimira malita 100.

Zinthu ziwiri zimasokoneza. Pamene akuyeza, wina aliyense asatunge ndipo mpopi wolowetsa madzi ukhale wotseka. Komanso ayezere pakati pa msinkhu wa thanki pamene khoma ndi loongoka, osati kumwamba kumene thanki imayamba kuning'a kulowera kukamwa, chifukwa kumeneko madzi amakwera msanga ndipo nambala yake siigwira ntchito m'munsi.

Mayi a ku Nkando

Aphunzitsi aakulu, chigubu cha 20 si 20 nthawi zonse. Zigubu zachikasu zimene zimabwera ndi mafuta ophikira zili ndi mpata pamwamba, ndipo ana akamatunga amadzaza mpaka kukhosi. Chikadzaza choncho chimapitirira malita 20. Zina n'zofufuma chifukwa chokhala padzuwa, zina n'zophwanyika m'mbali. Mukathira zigubu 5 zodzaza mpaka kukamwa n'kumati ndi 100, mwadzinamiza kale.

Chinanso chimene mayi aliyense angafunse akamawerenga: zigubu 6 pa tsiku ndi za banja la anthu angati? Ngati ndi anthu 6, ndiye kuti aliyense ndi chigubu chimodzi, kumwa, kuphika, kusamba ndi kutsuka mbale momwemo. Zimatheka, koma tsiku lochapa silingakwane. Mulembe kuti zovala amakachapira kumtsinje, apo ayi nambalayo sikhulupirika.

Mmisiri wa mapaipi, Luchenza

Mayi anena zoona pa chigubu. Mankhwala ake ndi sikelo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mtsikanayo abwereke sikelo yopachika, ngati imene amayezera nandolo, ayeze chigubu chopanda kanthu, kenako athiremo madzi mpaka sikelo iwonjezere makilogalamu 20 pamwamba pa kulemera kwa chigubucho. Pamene madzi afika alembe mzere ndi penti kapena akande ndi msomali, ndipo azigwiritsa ntchito chigubu chomwecho maulendo onse asanu. Ngati sikeloyo ndi yokayikitsa, aiyese kaye ndi paketi ya shuga ya 1 kg yosatsegula.

Kulemeraku kuli ndi mbali ina imene alembi asaidumphe. Thanki ya malita 1,000 ikadzaza imalemera tani imodzi, mofanana ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Mwalemba kuti yakhazikidwa pa njerwa. Zikhale njerwa zomangidwa ndi simenti, pamwamba pothiridwa konkire yosalala, yotambalala kuposa pansi pa thanki. Thanki ya pulasitiki imafuna kuti pansi pake ponse pagone pachinthu cholimba. Ikakhala pa njerwa zongosanja kapena pamitengo yotalikirana, pansi pamalendewera m'mipata, n'kudzang'ambika, kawirikawiri pafupi ndi mpopi. Ndipo pansi pakalendewera, ndodo ija imalowa kwambiri pamalo ena kuposa ena.

Madamu a Sitandade 5, Limbuli

Ine chimene chikundidetsa nkhawa ndi kukwera. Nkhani ikasonyeza mwana ali yekha pamwamba pa thanki, watsegula chivindikiro, akusuzumira m'kati, mawa ana adzayesa zomwezo kwawo. Kamwa ya mathanki ambiri ndi yokwana mwana kugweramo chamutu, ndipo m'kati mulibe pogwira. M'nkhanimo pakhale munthu wamkulu, kaya amalume kaya bambo omwewo, amene akulowetsa ndodo, mtsikanayo ali pansi kuwerenga ndi kulemba. Akamaliza atseke chivindikiro bwinobwino, chifukwa thanki yosatseka imaswetsa udzudzu ndipo kuwala kukalowa mumamera ndere.

Komanso ine ndikanachotsa 22/7 yense. Njira ya ndodo ndi chigubu ndi yokwanira, ndipo mwana wa Sitandade 5 angaitsate popanda kudziwa za masamu a zinthu zozungulira.

Aphunzitsi a masamu, Chonde

Madamu, za kukwera ndagwirizana nanu kwathunthu. Koma kuchotsa chingwe ayi. Mphamvu ya nkhaniyi ili pa njira ziwiri zimene zikupereka mayankho osiyana pang'ono. Chingwe chikuti sentimita iliyonse ndi malita pafupifupi 9.9, ndodo ikuti 9.5. Mtsikanayo ayenera kudzifunsa kuti kusiyanaku kwachokera kuti, n'kupita kukagwira mizere yotukuka ija ndi dzanja lake. Mukatsala ndi njira imodzi, alibe choyerekezera, ndipo angokhulupirira nambala yake monga mmene bambo ake anakhulupiririra yolembedwa pathanki.

Mmisiri wa mapaipi, Luchenza

Pa nkhani ya kukwerayo pali njira imene mwana angachite ali chiimire pansi. Atenge kapaipi koonekera m'kati, kamene amisiri omanga amagwiritsa ntchito polinganiza maziko, kotalika mamita awiri. Mbali imodzi aivekere pampopi wa thanki, ailimbitse ndi mphira, inayo aikweze m'mbali mwa thanki n'kuimangirira pamwamba, kukamwa kwake kuli kotsegula. Akatsegula mpopi, madzi amakwera m'kapaipimo n'kuima pamsinkhu womwewo umene ali m'thanki. Mizere angalembe ndi choko pakhoma la thanki lenilenilo, popeza ndi lakuda.

Kapaipiko kakakhala ndi mpweya wotsekeredwa pakati, kapena kakapindika, madzi amaima pamalo olakwika, ndiye agogode ndi chala mpaka thovu lonse likwere. Njirayi siionetsa madzi a m'munsi mwa mpopi, ndipo pa funso la amayi aja zimenezo n'zothandiza, chifukwa ikuonetsa okhawo amene angatungidwe. Akamaliza achotse kapaipiko, kakakhalitsa padzuwa kamachita ndere. Kuthira zigubu 5 kuja kumafunabe munthu wamkulu pamwamba.

Achimwene a ku Muloza

Pepani ndilowererepo ndi funso langa. Kwathu tilibe thanki, tili ndi mgolo wachitsulo wa malita 200 umene tinaugoneka chammbali pamiyala, mpopi uli pachivindikiro. Ndodo ya mizere yotalikirana mofananayo igwira ntchito?

Mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, Thyolo

Ayi achimwene, pamgolo wogona siigwira. Thanki yoimirira ndi yotambalala mofanana kuyambira pansi mpaka m'mwamba, n'chifukwa chake sentimita iliyonse ili ndi malita ofanana. Mgolo wogona ndi woning'a pansi, wotambalala pakati, woning'anso pamwamba. Sentimita ya pakati ili ndi madzi ambiri kuposa ya pansi. Malo okha amene mungakhulupirire popanda kuyesa ndi pakati penipeni, pamene pali theka la madzi. Koma madzi akafika gawo limodzi mwa magawo anayi a msinkhu, m'katimo muli pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, malita 40 osati 50. Chochita ndi kukhuthula mgolowo, kuthira chigubu chimodzichimodzi, n'kumalemba mzere nthawi iliyonse. Mudzaona mizere yotalikirana pansi, yothithikana pakati, yotalikirananso pamwamba.

Bambo a ku Bvumbwe

Za mpopi wokhala m'mwamba ndamva, sindinaziganizire. Koma malita 95 amenewo si otayika. Zikavuta munthu amapendeketsa thanki kapena kukoka ndi paipi, madziwo n'kutuluka. Ndiye masiku 8 anga aja abwereranso.

Mayi a ku Nkando

Atuluka inde, koma ndi madzi a matope. Ndi okolopera kapena othirira ndiwo zamasamba, osati ophikira nsima, pokhapokha muwasiye akhazikike, muwasefe, muwawiritse kapena kuthira kolorini. Ndipo kupendeketsa thanki imene yalumikizidwa ku mapaipi kumathyola cholumikizira. M'nkhanimo mtsikanayo awawerengere padera, asawaphatikize ndi akumwa.

Mlembi wa ku Chitakale

Ndiye dongosolo latsopano likhala ili. Ayeza ndi chingwe, apeza 1,035, alonjeza masiku 8 ndi theka. Madzi asiya kutuluka tsiku lathunthu lisanakwane lonjezo lake. Madzi akabweranso, iye ndi amalume ake ayeza ndi chigubu cholembedwa mzere ndi kapaipi koonekera, apeza 9.5, ayezanso msinkhu wa mpopi, n'kufika pa zigubu 45. Kabokosi ka katoni ndikayika kumayambiriro. Cholakwa cha 4,140 ndikukayika ngati chikwanemo, chifukwa zolakwa zitatu m'nkhani ya masamba anayi zingatopetse mwana.

Ndinaganizanso zoti pamapeto azigwiritsa ntchito mizere ya choko ija kugwira kudontha. Madzulo alemba mzere, m'mawa apeza madzi atsika ndi sentimita imodzi palibe amene watunga. Kodi zimenezi zingachitike?

Mmisiri wa mapaipi, Luchenza

Zingachitike, ndipo sentimita imodziyo ndi malita 9.5, pafupifupi theka la chigubu usiku umodzi. Koma sentimita imodzi ndi yochepa kuikhulupirira ndi choko chokha, popeza mzere wa choko pawokha ndi wonenepa. Atsimikize poyika botolo la 500 ml pansi pa mpopi wodonthawo n'kuyang'ana nthawi. Likadzaza m'mphindi 30, ndiye kuti pa ola ikutayika lita imodzi, pa tsiku malita 24, kuposa chigubu chathunthu. Banja limene likuganiza kuti likugwiritsa ntchito malita 120 pa tsiku likhala likuchotsa 144, ndipo 900 kugawa ndi 144 ndi masiku 6 ndi maola 6 okha. Ngati mpopi ndi wouma koma konkire ya m'munsi mwake ndi yonyowa m'mawa, vuto lili pa labala wa cholumikizira, ndipo kuti asinthidwe pafunika thanki iphwe mpaka m'munsi mwa bowolo.

Aphunzitsi a masamu, Chonde

Achemwali, 4,140 musamuchotse. Ngati malo achepa, chotsani za kudonthazo, zikhale nkhani yachiwiri. Cholakwa cha 112 ndi chimene ana adzakumane nacho pamayeso a Sitandade 8.

Madamu a Sitandade 5, Limbuli

Ine ndikadasunga za kudontha n'kusiya 4,140, chifukwa mpopi wodontha ana akuuona tsiku ndi tsiku kwawo ndi kusukulu, ndipo botolo la 500 ml aliyense angalipeze. Achemwali, mukalemba gawo la chigubu ndi sikelo mulitumize kuno, ndikaliwerengere ana anga Lachisanu ndione pamene angafunse mafunso.